Buku Limodzi la Udokotala, Nkhani Zingati?

Munthu akamaliza digiri ya udokotala wa maphunziro, achibale amaimba nthungululu, chipewa chofewa chija chimavalidwa, zithunzi zimajambulidwa. Buku lake la kafukufuku, lomwe a kuyunivesite amalitcha thesisi, limakaikidwa pashelefu mulaibulale, ndipo kunena mosapsatira, olitsegula amakhala owerengeka. Akatswiri anzake sawerenga mabuku a masamba 300. Amawerenga nkhani zifupizifupi za m'majenala, omwe ndi magazini a akatswiri, ndipo nkhanizo ndi zomwe makomiti amawerengera pofuna kumulemba ntchito, kumukweza kapena kumupatsa ndalama za kafukufuku wina. Choncho phwando likatha, dokotala watsopano amakhala ndi ntchito yophwasula zimene wamanga kwa zaka zambiri.

Thesisi ya maphunziro a za chikhalidwe cha anthu imatha kufika mawu 80,000, pomwe jenala ya mbali yomweyo nthawi zambiri imalola mawu 6,000 mpaka 8,000, ndipo ya zachipatala imafuna ocheperapo. Munthu wothamangira masamu anganene kuti ndiye kuti muli nkhani khumi. Sizili choncho. Thesisi yabwino kawirikawiri imatulutsa nkhani ziwiri, zitatu kapena zinayi, ndipo mawu ambiri otsalawo sapita kulikonse.

Chifukwa chake ndi chakuti zolemba ziwirizi zimalankhula ndi anthu osiyana. Thesisi amailembera oyesa mayeso awiri kapena atatu, omwe amafuna umboni woti wophunzirayo anawerenga mokwanira, akudziwa chifukwa chimene anasankhira njira yake, ndipo akuzindikira pomwe ntchito yake ikuperewera. Wowerenga jenala alibe nazo ntchito zoyesa munthu. Akufuna kudziwa chinthu chimodzi chatsopano, ndi umboni wake. Ndiye kugawa thesisi kuli ngati kugumula nyumba yaikulu kuti njerwa zake umangire nyumba zing'onozing'ono: iliyonse ifuna maziko, khomo ndi denga lakelake, ndipo sungangodula chipinda chimodzi n'kuchitcha nyumba.

Tiyerekeze mayi wina yemwe walemba thesisi ya kasungidwe ka chimanga m'maboma awiri a m'chigawo chapakati. Bukulo lili ndi machaputala asanu ndi atatu. Choyamba ndi mawu oyamba, chachiwiri chikuunika zomwe ena analemba kale, chachitatu chikufotokoza maganizo a akatswiri omwe kafukufukuyo watsamirapo, ndipo chachinayi ndi cha njira zomwe anatsata. Zomwe anapeza zili m'machaputala atatu. Chachisanu chili ndi mayankho a mabanja mazana angapo omwe anawafunsa mmene amasungira chimanga. Chachisanu ndi chimodzi ndi cha kuyesa kwake: anasunga chimanga m'nkhokwe, m'matumba wamba othira mankhwala, ndi m'matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri mkati osalowa mpweya, n'kumayeza mwezi ndi mwezi kuti anankafumbwe awononga chochuluka bwanji. Chachisanu ndi chiwiri ndi cha zokambirana zake ndi alimi, amayi paokha, abambo paokha. Chomaliza chikumanga zonse pamodzi.

Mayiyu asayambe ndi kutsegula machaputala. Atenge pepala loyera, alembe zomwe wapeza zomwe sizinkadziwika, chilichonse m'chiganizo chimodzi chomwe munthu wina angachitsutse. “Kasungidwe ka chimanga m'maboma awiri” ndi mutu chabe, palibe angatsutse. Koma “mabanja ambiri akuwadziwa matumba osalowa mpweya, koma sawagula chifukwa chimanga amachigulitsa chisanakhalitse” ndi chiganizo chomwe chingaime pachokha. Ziganizo zotere zikapezeka ziwiri, nkhani ndi ziwiri, kaya machaputala alipo angati.

Chaputala cha kuyesa matumba ndi chosavuta. Chili ndi funso lake, njira yake ndi yankho lake, ndipo owerenga ake ndi odziwika: akatswiri a tizilombo ndi a kasungidwe ka mbewu. Chimangofuna kubwereka masamba angapo kuchokera m'chaputala cha njira, ofotokoza kuchuluka kwa matumba, chinyezi cha chimanga pochiika, ndi mmene ankayezera kuwonongeka. Imeneyi ndiyo nkhani yoyenera kuyamba kutumizidwa, popeza yachiwiri idzatsamira pa zotsatira zake.

Pofunika kuganiza mofatsa ndi pa chaputala chachisanu ndi chachisanu ndi chiwiri. M'bukumo anazilekanitsa chifukwa china ndi cha manambala, china ndi cha mawu a anthu, ndipo oyesa amakonda kuona njira iliyonse payokha. Koma tayesani kuziwerenga ngati nkhani zoima pazokha. Chachisanu chikunena kuti ogwiritsa ntchito matumbawo ndi ochepa, n'kuthera pomwepo. Mkonzi wa jenala adzafunsa kuti, “Ndiye bwanji?” Chachisanu ndi chiwiri chili ndi mawu okoma a alimi onena za ngongole, fizi ya ana, ndi za yemwe amalamula tsiku logulitsa pabanja, koma sichikuonetsa ngati zimenezi zili m'mabanja asanu kapena mazana. China chili ndi funso lopanda yankho, chinzake chili ndi yankho losadziwika kukula kwake. Machaputala otere ndi ofunika kuphatikiza.

Kuphatikiza sikutanthauza kulumikiza mchira wa ichi ku mutu wa icho. Ngati chilichonse chili ndi mawu 10,000, ndiye kuti mawu 20,000 ayenera kukwana m'malo a zotsatira omwe mwina sapitirira mawu 3,000. Mwa matebulo khumi ndi awiri a manambala, atsale atatu okhudza chiganizo chija. Mwa mawu a alimi makumi anayi omwe anawalemba, atsale asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, ndipo aliwonse aikidwe pafupi ndi nambala yomwe akuifotokoza. Tebulo la zipembedzo za omwe anafunsidwa, ngakhale linatenga nthawi kukonza, lichoke ngati chipembedzo sichikukhudza kagulitsidwe ka chimanga.

Pali chiyeso china chomwe chimagwira ambiri, makamaka pomwe kukwezedwa pantchito kukudalira chiwerengero cha nkhani. Mayiyu atha kuganiza zolemba nkhani imodzi ya boma loyamba, ina ya boma lachiwiri, funso lomwelo, njira yomweyo, mathero omwewo. Akonzi amadana nako kuduladula kotere, ndipo bungwe la COPE, lomwe linakhazikitsidwa mu 1997 kuti lizilangiza akonzi pa za chilungamo pofalitsa kafukufuku, lili ndi malangizo a zoyenera kuchita nkhani zobwerezabwereza zikagwidwa, mpaka kuzichotsa ngakhale zitasindikizidwa kale. Kuipa kwake sikuthera pa ulemu wa wolemba. Wina wodzasonkhanitsa kafukufuku yense wa nkhaniyi adzaona ngati pali maumboni awiri pomwe ulipo umodzi. Njira yodziyesera ndi yapafupi: lembani chidule cha nkhani iliyonse m'mawu 200, muziike pamodzi. Ngati mutasinthanitsa ziganizo zomaliza palibe chikusokonekera, muli ndi nkhani imodzi.

Nanga machaputala oyambirira aja? Apa ndi pomwe mtima umawawa. Chaputala chounika zolemba za ena mwina chinadya chaka chathunthu, koma m'nkhani iliyonse chimasanduka ndime zinayi kapena zisanu, zongokwanira kuonetsa mpata womwe nkhaniyo ikutseka. Ambiri amalakalaka kuchitumiza chonse ngati nkhani yapayokha. Zimatheka pokhapokha ngati kufufuzako kunachitika mwadongosolo lomwe wina angalibwereze, monga la PRISMA, lonena komwe anasaka, mawu omwe anasakira, ndi chifukwa chosiyira zolemba zina. Ngati ndi mndandanda wa “uyu anati, uyo anati”, chisiyeni m'bukumo. Chaputala cha maganizo a akatswiri chimatsala ndime imodzi kapena ziwiri. Masamba oteteza chifukwa chosankhira njira iyi osati iyo amachoka pafupifupi onse, koma chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa chiyenera kutchulidwa m'nkhani iliyonse yokhudza anthu. Chaputala chomaliza sichingagawidwe ndi lumo, chifukwa chinalembedwa kumanga zonse pamodzi. Zokambirana za nkhani iliyonse zimalembedwa mwatsopano.

Nkhani yomwe sinadulidwe mokwanira imadziwika msanga. Mumapezamo mawu onga “monga taonera m'chaputala chapitachi”, kapena mafunso a kafukufuku asanu pomwe nkhaniyo ikuyankha limodzi. Wowerenga amafika tsamba lachisanu ndi chimodzi asanamve chomwe chapezeka. Zolemba zonse zotchulidwa zimathera chaka chomwe wolembayo anapita kumidzi kukafufuza, ngati kuti dziko linaima pamenepo. Akonzi ambiri amabweza nkhani zotere asanazitumize n'komwe kwa akatswiri ozipima. N'chifukwa chake ndi bwino kusankhiratu jenala musanayambe kudula, kuwerenga nkhani zake zingapo zaposachedwa, ndi kulemba molingana ndi muyeso wake. Kwa ofufuza a kwathu kuno, tsamba la African Journals Online limasonkhanitsa majenala ambiri a mu Afirika, kuphatikizapo Malawi Medical Journal. Jenala yolonjeza kusindikiza m'masiku ochepa mukangolipira, ithaweni.

Funso lomwe ambiri amaopa kufunsa ndi lakuti, kodi kutenga mawu a m'thesisi yako si kudzibera wekha? Ofalitsa ambiri akuluakulu saiona thesisi ngati chinthu chosindikizidwa kale, ngakhale itaikidwa pa intaneti ndi yunivesite. Komabe makina ofananitsa zolemba, monga iThenticate, adzaipeza n'kuonetsa kufanana kwakukulu. Mankhwala ake ndi kunena poyera m'kalata yopita kwa mkonzi kuti nkhaniyi yachokera m'thesisi, ndi kutchula nkhani inzake yochokera m'kafukufuku yemweyo, kaya yatuluka kale kaya ikupimidwa kwina. Kufanana m'gawo la njira akonzi amakumvetsa. Kufanana m'zotsatira sakulekerera. Ndipo nkhani imodzi situmizidwa ku majenala awiri nthawi imodzi.

Chotsala ndi maina. M'maphunziro a sayansi, mlangizi wa wophunzira nthawi zambiri amalembedwa nawo ngati mlembi, pomwe m'maphunziro a mbiri kapena zilankhulo wophunzira amakonda kuima yekha. Mikangano yambiri imabuka chifukwa nkhaniyi imakambidwa mochedwa, zolemba zitatha kale. Inu amene mwangomaliza kumene, pitani kwa alangizi anu ndi pepala lija la ziganizo, mugwirizane kuti nkhani iliyonse ikupita ku jenala iti, ndani akulemba gawo liti, ndi dzina la ndani likhale patsogolo, ndipo zomwe mwagwirizanazo muzitumizirane pa imelo tsiku lomwelo.