Tchati Chimene Maso Onse Angawerenge

Tiyerekeze kuti mwajambula tchati cha mitengo ya chimanga, nyemba ndi mpunga kuyambira Januwale mpaka Disembala. Mzere wa chimanga ndi wofiira, wa nyemba wobiriwira, wa mpunga wabulauni. Kwa inu zonse zikuoneka bwino. Koma pamsonkhano pali bambo wina amene akuona mizere itatuyo ngati ya utoto umodzi, ndipo pamene yapingasana sakudziwanso kuti wakwera ndi uti.

Bamboyo si wosaona ayi. M'diso muli timaselo ta mitundu itatu tozindikira utoto, ndipo kwa iye tamtundu umodzi sitigwira bwino ntchito. Nthawi zambiri vutoli ndi lobadwa nalo, ndipo limagwira amuna kuposa akazi. Pakati pa azungu a kumpoto kwa Ulaya ndi mwamuna mmodzi mwa 12 ndi mkazi mmodzi mwa 200; mu Afirika chiwerengero n'chocheperapo. Chimene chimasokonekera kawirikawiri ndi chofiira ndi chobiriwira, makamaka ngati zonse n'zoderako mofanana.

Ndiye tiyambe ndi kusintha utoto. Akatswiri awiri a ku Japan, Masataka Okabe ndi Kei Ito, anasankha mitundu isanu ndi itatu imene anthu otere amaisiyanitsa. Pa mitunduyo, chimanga tichipatse buluu woderako, amene pakompyuta amalembedwa #0072B2, nyemba tizipatse olenji wowala, #E69F00, ndipo mpunga ukhale wakuda. Buluu ndi olenji sizisokonekera kwa munthu amene chofiira ndi chobiriwira zimamuvuta, komanso wina ndi woderako pamene mnzake ndi wowala.

Komabe ine sindikhutira ndi utoto wokha. Mzere uliwonse ukhale ndi chizindikiro chake chachiwiri. Wa chimanga ukhale wosadukiza, wokhala ndi timipira pa mwezi uliwonse. Wa nyemba ukhale wodukizadukiza, wokhala ndi tizizindikiro ta ngodya zitatu, ndipo wa mpunga ukhale wa timadontho ndi timabokosi. Tizizindikiroti tikuleko ndithu, chifukwa tikachepetsetsa, kampira ndi kabokosi zimangooneka ngati dontho. Mizerenso inenepeko, poti utoto umavuta kuuzindikira pa kamzere kowonda.

Kenako chotsani kabokosi kofotokoza mitundu kamene kamaikidwa pakona. Kabokosiko kamakakamiza wowerenga kufananiza utoto wa kuno ndi wa uko, yomwe ndi ntchito imene maso ake sangaithe. Lembani mawu akuti "chimanga" pamapeto penipeni pa mzere wa chimanga, ndipo chitaninso chimodzimodzi ndi mizere inayo.

Mukamaliza, chitani fotokope tchaticho pa makina osatulutsa utoto. Pepalalo silisonyeza ndendende zimene bambo uja amaona, koma ngati buluu ndi wakuda zafanana, mudzaona ngati timipira, timabokosi ndi mayina aja zikukwanitsabe kulekanitsa chimanga ndi mpunga. Mizere ikafika isanu ndi umodzi kapena kupitirira, ngakhale zizindikiro zimayamba kupanikizana, ndipo pamenepo ndi bwino kugawa tchaticho pawiri.