Mauthenga Ambirimbiri, Pepala Limodzi: Kusiyira Mnzako Ntchito Popita ku Tchuthi

Lamulo la zantchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limapatsa wogwira ntchito masiku asanu pa sabata tchuthi cha masiku osachepera 15 pa chaka, ndipo mayi wokachira amapuma masabata osachepera asanu ndi atatu. Koma misonkho ndi ngongole sizipita nawo ku tchuthi. Zimatsala m'manja mwa wogwirizira ntchitoyo, yemwe kawirikawiri amasiyiridwa malangizo omwazikana: ena pa WhatsApp, ena pa imelo, ena pakapepala komata pakompyuta.

Tiyerekeze kalaliki wa zachuma pakampani ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe, amene akuyamba tchuthi Lolemba pa 10 Malichi. M'sabata yake yomaliza watumizira mnzake mauthenga angapo. Lachiwiri analemba kuti, "Achemwali, musaiwale za MRA." Lachitatu anatumiza uthenga wa mawu wonena kuti bambo aja a simenti alipidwe. Lachinayi usiku anawonjezera kuti, "Nkhani ija dikirani kaye, invoisi yavuta." Pakapepala napo analembapo mawu awiri okha: "Cheke mawa."

Palibe bodza m'mauthengawa. Vuto lake n'lakuti anabwera motsatira mmene mwiniwake ankakumbukira zinthu, pomwe wotsalayo akufuna kudziwa choyamba kugwira Lolemba m'mawa. Choncho ntchito yeniyeni ndi kuwachotsa pa mndandanda wa tsiku limene analembedwa n'kuwaika pa mndandanda wa tsiku limene chinthucho chiyenera kuchitika.

Poyamba kalalikiyo asonkhanitse zonse malo amodzi, ndipo uthenga wa mawu aumvetsere n'kuulemba. Akatero aike pamodzi mauthenga okamba nkhani imodzi. Apa m'pamene zimaonekera kuti wa Lachitatu ndi wa Lachinayi akutsutsana: woyamba ukuti lipirani, wachiwiri ukuti dikirani. Wogwirizira amene wangomva woyambawo atulutsa ndalama zosayenera kutuluka. M'kalata yosiyirana ntchito mumalowa mmene nkhani ilili panopa basi, mbiri yake n'kutsala.

Kenaka mfundo iliyonse iyankhe mafunso asanu: chochita n'chiyani, pofika liti, chafika pati, mapepala ali kuti, ndipo wofunsidwa ndani zikavuta. Uthenga wa simenti uja ukadutsa m'mafunsowa umatuluka chonchi: "Kampani yotigulitsa simenti isalipidwe kaye. Invoisi yawo ikuti matumba 200, koma wosunga katundu anasayinira 180. Ndinawalembera pa 6 Malichi kuti atumize invoisi yokonzedwa. Ikafika, iyerekezeni ndi pepala lolandirira katundu lomwe lili m'fayilo yobiriwira m'kabati yachiwiri, kenaka mupite nayo kwa mkulu wa zachuma." Tsopano "bambo aja" ndi "nkhani ija" zasanduka dzina la kampani ndi chiwerengero cha matumba.

"Za MRA" nazo si nkhani imodzi. Msonkho wa PAYE wodulidwa pa malipiro a Febuluwale uyenera kufika ku bungweli pofika pa 14 Malichi, pomwe lipoti la VAT limafunika pofika pa 25. Onsewa akugwera mkati mwa tchuthi, ndipo kuchedwa kuli ndi chindapusa. Motero PAYE ikhale pamwamba penipeni pa pepala, ndipo kalalikiyo anene ngati masamu ake anatha kale kapena akudikira kanthu. "Cheke mawa" nayonso ipatsidwe deti, dzina la wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama, chifukwa wowerenga kapepalako Lolemba sangadziwe kuti mawa lake linali liti.

Kalata zambiri zimaiwala malire. Wogwirizira adziwe zimene angagamule yekha, zofunika siginecha ya bwana, ndi zimene asazikhudze mpaka mwiniwake atabwera pa 31 Malichi. Popanda gawo lachitatuli, munthu wakhama amatha kutsegula nkhani yomwe inasiyidwa dala.

Pasiwedi yokha isalembedwemo. Ngati mnzakeyo afunika kulowa mu Msonkho Online kapena mu akaunti ya ku banki, akuluakulu amukonzere chilolezo chakechake tchuthi chisanayambe, kuti pakadzabuka funso zidzadziwike amene anachita chinthucho.

Kalatayo ikatha, iyesedwe mwiniwake akadali pa ofesi, makamaka kutatsala tsiku lathunthu. Wogwirizira aiwerenge yekha, afotokoze zimene achite sabata yoyamba, ndipo apite kukabati akatenge fayilo yobiriwira ija popanda womulozera. Paliponse pamene waima n'kufunsa kuti, "Apa mumatanthauza chiyani, achemwali?" yankho lisathere pakamwa, lilembedwe pomwepo. Ikakonzedwa, kalatayo itumizidwe pa imelo kwa wogwirizira ndi kwa bwana, ndipo pamwamba pake palembedwe deti ndi mawu akuti ikulowa m'malo mwa mauthenga onse akale.