Kusandutsa masilaidi odzaza mawu kukhala a zithunzi

Masilaidi odzaza mawu kawirikawiri amachokera ku lipoti lomwe mwini wake waliduladula kuti likwane mu PowerPoint. Silaidi iliyonse imakhala ndi mutu wa mawu awiri kapena atatu, kenako mizere isanu ndi itatu kapena khumi ya zilembo zing'onozing'ono. Ikaonetsedwa pakhoma, omvera amayamba kuwerenga, ndipo popeza maso amathamanga kuposa pakamwa, amafika pansi wolankhula akadali pamzere wachiwiri. Katswiri wa kaphunziridwe Richard Mayer wa ku America, yemwe buku lake la nkhaniyi lidatuluka mu 2001, adaonetsa kuti anthu amamvetsa bwino chithunzi chikamafotokozedwa ndi pakamwa kusiyana ndi pomwe mawu omwewo alembedwanso pambali pa chithunzicho. Kuwerenga ndi kumvetsera kumalimbirana malo amodzi m'mutu.

Kukonza masilaidi otere sikuyambira pa kufunafuna zithunzi. Woyamba ndi zithunzi amangomata munthu womwetulira pakona, mawu onse ali pomwepo, ndipo silaidi imathinana kuposa kale. Ntchito imayamba ndi kuwerenga masilaidi onse kuchokera koyamba mpaka kumapeto, makamaka pa Slide Sorter pomwe amaoneka onse pamodzi, ndi kulemba papepala chiganizo chimodzi cha zomwe silaidi iliyonse ikufuna kunena. Pamenepa pamatulukira zinthu ziwiri. Masilaidi ena amanena mfundo zitatu nthawi imodzi, ndipo ayenera kugawidwa. Ena sanena kalikonse komwe omvera akufunikira, ndipo ayenera kuchoka.

Chitsanzo chabwino ndi cha mlangizi wa zaulimi yemwe ali ndi masilaidi 12 ophunzitsira alimi otsogola kasungidwe ka chimanga m'matumba osalowa mpweya, monga aja a PICS omwe adapangidwa pa yunivesite ya Purdue. Silaidi yoyamba ndi ya mutu, yachiwiri ndi ya zolinga za maphunziro, yachitatu ndi ya mbiri ya pulojekiti. Yachinayi, ya mutu woti "Kuumitsa", ili ndi mizere isanu ndi inayi: nthawi yokolola, kuyanika pamphasa kapena palona, kupeta, mlingo wa chinyezi, kuyesa ndi mchere, kuopsa kwa chuku, ndi zina. Zolinga ndi mbiri ya pulojekiti mlangizi angazinene ndi pakamwa mwachidule, ndiye masilaidi awiriwo akhoza kuchoka. Yachinayi ija ikhala masilaidi atatu. Pomaliza masilaidi amachuluka kuposa poyamba, mwina kufika 18, koma nthawi yolankhula siwonjezeka chifukwa iliyonse imakhala pakhoma kanthawi kochepa. Ambiri amaopa kuchuluka kwa masilaidi, chikhalirecho chimatopetsa anthu ndi silaidi imodzi yokhala pakhoma mphindi zisanu ndi ziwiri.

Chotsatira ndi mitu. Mutu woti "Kuumitsa" ungotchula nkhani, sunena kanthu. Mutu woti "Chimanga chonyowa chimachita chuku ngakhale chili m'thumba labwino" ukunena mfundo, ndipo yemwe wangowerenga mutuwo basi watola kale phunziro. Njira imeneyi adaitchukitsa Michael Alley wa pa yunivesite ya Penn State: mutu ukhale chiganizo chathunthu chosapitirira mizere iwiri, ndipo pansi pake pakhale umboni wooneka ndi maso m'malo mwa mndandanda wa mawu. Mitu yonse ikalembedwa, iwerengedwe yokha motsatana. Ikamveka ngati nkhani yolongosoka, dongosolo lili bwino. Pomwe nkhani yadumpha ndi pomwe pakusowa silaidi kapena pomwe masilaidi asinthana malo.

Ubwino wa mutu wotere ndi woti umasankha wokha chithunzi. Mfundo yosiyanitsa zinthu ziwiri imafuna zithunzi ziwiri zoyandikana. Mfundo ya ndondomeko imafuna zithunzi zotsatana kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mfundo ya mmene chinthu chidapangidwira imafuna chojambula chokhala ndi mivi yoloza zigawo zake. Kusintha kwa nambala m'kupita kwa nthawi kumafuna galafu. Chithunzi chomwe chikhoza kuikidwa pa silaidi ina iliyonse popanda kusintha tanthauzo ndi chokongoletsa chabe, ndipo sichiyenera malo.

Zonsezi zimalembedwa m'malangizo a silaidi iliyonse, kompyuta isanakhudzidwe n'komwe. Malangizo abwino amatchula mutu watsopano, chithunzi chenicheni chomwe chikufunika, malo ake pa silaidi, mawu ochepa otsala, komanso komwe mawu ochotsedwa apita. Muyeso wake ndi umodzi: munthu wina, yemwe sanakhale nawo pokambirana, athe kupanga silaidiyo popanda kufunsa. Kulemba kuti "ikani chithunzi cha chimanga" sikuthandiza, chifukwa wopangayo adzabweretsa munda wobiriwira pomwe nkhani ndi ya chimanga chotongola.

Malangizo a silaidi ya mchere angalembedwe motere. Mutu: "Mchere ukamatirira ku botolo, chimanga sichinaume." Zithunzi ziwiri zofanana kukula, zojambulidwa pafupi ndi pamalo owala, chilichonse chitenge theka la malo a pansi pa mutu. Kumanzere botolo lagalasi louma lokhala ndi chimanga ndi mchere womatirira m'mbali. Kumanja botolo lomwelo, mchere uli wokhuthukira pansi ndipo galasi lili loyera. Pansi pa chakumanzere palembedwe "Yanikaninso", pansi pa chakumanja "Sungani". Kumbuyo kwa mabotolo kukhale nsalu yakuda kuti mchere uoneke. Mafotokozedwe onse, oti botolo ndi mchere ziyambe zauma, kuti zikhutchumulidwe bwino, komanso kuti chimanga chosungidwa chimafunika chinyezi cha pafupifupi 13 peresenti, apite mu Notes. Nsalu yakuda ija ingaoneke ngati kanthu kakang'ono, koma popanda iyo mchere woyera pa galasi loyera sungaoneke kwa wokhala kumbuyo kwa holo, ndipo silaidi yonse yafa.

Silaidi ya thumba lenilenilo imafuna kachitidwe kena. Poyamba inali ndi ndime yofotokoza kuti thumba la PICS lili ndi matumba awiri apulasitiki mkati ndi saka kunja, kuti lililonse limamangidwa palokha, ndiponso kuti anankafumbwe amafa chifukwa mpweya wopuma umatha mkatimo. Chithunzi cha kamera sichingaonetse zimenezi popeza kunja kumangooneka saka wamba. Malangizo apa anene kuti pajambulidwe thumba lodulidwa pakati, liikidwe kumanzere n'kutenga magawo awiri mwa atatu a silaidi, ndipo kumanja kukhale mawu atatu okha, aliwonse ndi muvi wopita pa chigawo chake. Mawuwo akhale pafupi ndi chomwe akuloza. Akaikidwa patali, ndi manambala oti munthu azifananiza, diso limangoyendayenda ndipo khutu limasiya kumva. Kamangidwe kake kakhale silaidi yakeyake: zithunzi zitatu zotsatana za manja akufinya mpweya, akupotokola kukamwa kwa pulasitiki, ndi akumanga.

Tebulo la mitengo ya chimanga mwezi ndi mwezi, lomwe linali ndi timabokosi tambirimbiri, lisanduke mzere umodzi wa galafu. Malangizo atchule kuti palembedwe manambala awiri okha, wa nthawi yokolola ndi wa miyezi ya njala, mzere ukhale wa mtundu umodzi wowala, ndipo komwe manambalawo achokera kulembedwe pansi. Mutu unene zomwe galafu ikuonetsa, kuti wosunga bwino amagulitsa mtengo utakwera.

Za kaikidwe zomwe zimakhudza masilaidi onse zilembedwe kamodzi pamwamba pa malangizo, ndipo zikhazikitsidwe pa Slide Master kuti mutu usamadumphedumphe. Masilaidi a masiku ano amakhala a 16:9, choncho chithunzi chodzaza silaidi yonse chimafunika mapikiselo pafupifupi 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi. Chithunzi chomwe chadutsa pa WhatsApp kangapo chimakhala chitachepetsedwa, ndipo pa foni chimaoneka bwino koma pakhoma chimasanduka chimbuuzi. Mitu ikhale ya mapoyinti 28 kapena kuposa, mawu ena asatsike kwambiri pansi pa 20. Mitundu iwiri kapena itatu ndi yokwanira. M'holo ya mazenera opanda makatani, kuwala kwa dzuwa kumafafaniza mitundu yofooka, ndiye zilembo zakuda pa malo oyera ndi zomwe zimapulumuka. Kusiyanitsa chabwino ndi choipa pogwiritsa ntchito kufiira ndi kubiriwira kokha kumasiya kumbuyo anthu omwe maso awo sasiyanitsa mitundu iwiriyi, n'chifukwa chake mabotolo aja ali ndi mawu pansi pake.

Malangizo anenenso komwe chithunzi chichokere. Cha mabotolo mlangizi angajambule yekha ndi foni, ndipo chimaposa chilichonse cha pa intaneti chifukwa alimi amazindikira botolo ndi chimanga cha kwawo. Zithunzi zotengedwa kwina zili ndi eni ake. Zambiri za pa Wikimedia Commons zimaloledwa pokhapokha wojambula atatchulidwa. Munthu wooneka nkhope ayenera kuti adavomera.

Mawu ochotsedwa satayidwa. Oti anenedwe ndi pakamwa amapita mu Notes, momwe wolankhula amawaona yekha pa laputopu kudzera pa Presenter View. Oti anthu akawerenge kunyumba amapita pa pepala logawira, lomwe limakhalanso pothawira magetsi akazima. Apa ndi pomwe njirayi ili ndi malire ake. Masilaidi a zithunzi amadalira wolankhula, ndipo akatumizidwa pa imelo kwa munthu yemwe sanabwere, amakhala zithunzi zopanda mwini. Ngati cholinga n'choti awerengedwe, ndi bwino kulemba chikalata chenicheni. Edward Tufte adatsindika zimenezi pounika silaidi ina yomwe mainjiniya adaonetsa akuluakulu a NASA chombo cha Columbia chili m'mlengalenga mu 2003. Mutu wake unkamveka wolimbitsa mtima, pomwe mfundo yoopsa, yoti chidutswa chomwe chidagunda phiko chinali chachikulu koposa ka 600 poyerekeza ndi chomwe chidayesedwapo, inali pansi penipeni m'zilembo zazing'ono. Tufte sanafune kuti paikidwe chithunzi chokongola. Ankati nkhani zaukatswiri zotere zimafunika lipoti la ziganizo zathunthu. Mgwirizano wa ndalama, malamulo, kapena mlingo wa mankhwala zili m'gulu lomwelo.

Masilaidi akapangidwa, ayesedwe pa pulojekita yeniyeni, woyesayo ataima kumbuyo kwa chipinda. Munthu wosadziwa nkhaniyo aonetsedwe silaidi iliyonse kwa masekondi ochepa, kenako anene zomwe watola. Akanena zofanana ndi chiganizo chomwe chidalembedwa papepala poyamba paja, silaidiyo yatheka. Akayamba kufotokoza za mtundu wa chitenje cha mayi wa pachithunzi, ndiye kuti chithunzicho chili ndi zambiri zosafunika, ndipo chidulidwe mpaka patsale manja ndi thumba.