Yagwa ndi webusaiti, kapena vuto ndi foni yanu?

Madzulo a pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinathima pa dziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Akatswiri a kampaniyo analakwitsa posintha zina pa makina awo, ndipo njira zofikira ku maseva awo zinasowa pa intaneti. Koma munthu wogwira foni m'manja ankangoona kuti uthenga sukupita. Wina akanatha kuzimitsa foni kakhumi, kapena kugula bandulo ina, osaphulapo kanthu.

Pakati pa inu ndi webusaiti pali zinthu zitatu: foni kapena kompyuta yanu, netiweki imene mukugwiritsa ntchito, ndi seva, kompyuta yaikulu imene imasunga webusaitiyo. Kuti mudziwe chimene chavuta, muzisintha chinthu chimodzi chokha panthawi, zinazo n'kuzisiya momwe zilili.

Tinene kuti zotsatira za mayeso zatuluka, inu mwatsegula webusaiti yake koma ikungozungulira. Yambani ndi kutsegula webusaiti ina pafoni yomweyo, monga `wikipedia.org`. Ikakananso, vuto lili kwanu kapena ku netiweki. Apa musanamizidwe ndi WhatsApp: bandulo ya WhatsApp yokha imatumiza mauthenga bwinobwino koma sitsegula mawebusaiti ena, ndiye munthu amalumbira kuti intaneti ali nayo pamene bandulo wamba inatha kale.

Webusaiti inayo ikatseguka, bwerekani foni ya mnzanu, makamaka ya netiweki ina. Ngati inu muli pa Airtel, funani wa TNM. Ikakana konsekonse, dziwani kuti mwina seva yalemedwa ndi khamu la anthu ofuna zotsatira nthawi imodzi, ndipo palibe chimene mungakonze pafoni panu. Ikatseguka pa ya mnzanuyo, mpempheni akugawireni intaneti yake, muyesenso pa foni yanu. Ikayenda tsopano, chavuta ndi netiweki yanu. Ikakanabe, ndi foni yanuyo.

Ambirife sitiwerenga uthenga umene umabwera tsamba likakana, chonsecho umaulula zambiri. Mukaona nambala monga `500`, `502`, `503` kapena `504`, ndiye kuti pempho lanu lafika ndithu, koma makina a kumeneko alephera kuligwirira ntchito. Zili ngati kufika pa golosale n'kupeza mwini wake akukuuzani kuti lero sakugulitsa. Msewu ulibe mlandu. `404` imatanthauza kuti seva ili moyo, koma tsamba mukulifunalo kulibe, mwina linachotsedwa kapena mwaphonya chilembo. `ERR_INTERNET_DISCONNECTED` ikuloza kwa inu, kuti simunalumikizidwe n'komwe.

Palinso `NET::ERR_CERT_DATE_INVALID`, uthenga umene umasokoneza anthu. Ukamabwera pa webusaiti iliyonse, onani tsiku ndi nthawi pa foni kapena kompyuta yanu. Kompyuta yakale imene kabatire kake kam'kati kanatha imabwerera zaka zam'mbuyo ikazima, ndipo imakana ziphaso zachitetezo za mawebusaiti poona kuti masiku ake sakugwirizana. Mukakonza tsiku zonse zimayenda. Koma ukamabwera pa webusaiti imodzi yokha, tsiku lanu lili bwino, kawirikawiri ndi eni ake amene sanakonzenso chiphaso chawo. Pamenepo musalembepo nambala yachinsinsi kapena za kubanki.

Mukatsimikiza kuti vuto ndi foni yanu, tsegulani webusaitiyo pa tsamba la `Incognito` mu Chrome. Ikatseguka, zolakwika ndi zinthu zakale zimene pulogalamuyo inasunga, ndipo mufufute `Cookies` ndi `Cache`. Ngati munayatsa VPN, izimitseni muyesenso.

Nanga mawebusaiti othandiza kufufuza? Pa `downforeveryoneorjustme.com` mumalemba dzina la webusaiti, iwo n'kuiyesa kuchokera ku makina awo. Downdetector imadalira kwambiri madandaulo a anthu, choncho imathandiza pa makampani akuluakulu. Kawebusaiti ka sukulu ya m'boma lanu simukapezapo. Ndipo onse awiriwa sali pa netiweki yanu. Mu Meyi 2024 mawaya a pansi pa nyanja a EASSy ndi Seacom ataduka, intaneti inavuta m'maiko angapo a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, pamene mawebusaiti akunjawo anali bwinobwino. Makina oyesera ali ku Ulaya akanakuuzani kuti vuto ndi lanu nokha, chikhalirecho anthu a chigawo chonse akulira chimodzimodzi.

N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kwambiri foni ya mnzanga wa netiweki ina kuposa mawebusaiti amenewa. Musanagule bandulo ina kapena kuthamangira kwa wokonza mafoni, yesani kaye pa foni ya amene mwakhala naye pafupiyo.