Denga limasasukira polumikizira

Mvula yoyamba ikabwera ndi mphepo ya mkuntho, denga lomwe lasasuka limakagwera kudimba lili lathunthu: malata, mapalini, mwina ndi mapaso omwe. Mukaliyang'anitsitsa mupeza kuti matabwa ake ambiri ndi abwinobwino. Chomwe chagonja ndi misomali iwiri yomwe inakhomedwa mopendeka kumapeto kwa thabwa, kapena waya wosachedwa kudyeka ndi dzimbiri yemwe anangokolekedwa pa njerwa yapamwamba. Eni nyumba timakangana kwambiri ndi kalipentala pa mtengo wa matabwa, koma za polumikizira sitifunsa.

Titenge nyumba ya njerwa yotambalala mamita 6, yotalika mamita 9 pakati pa makoma awiri a gebulo, yofolera malata. Chonyamula dengali ndi mathirasi. Thirasi iliyonse ili ndi mapaso awiri okumana pansonga, mtanda wapansi wochoka khoma ili kufika khoma ilo, mzati wapakati, ndi timatabwa tiwiri topendeka tochoka patsinde pa mzati kukachirikiza pakati pa phaso lililonse. Nsonga ikakwera mita imodzi kuchokera pa mtanda, phaso limatalika pafupifupi mamita 3.2, ndipo mukawonjeza masentimita 60 otulukira kunja kuti mvula isamenye khoma, limafika 3.8. Pa nyumba yotere akalipentala ambiri amaika thubaifo ku mapaso ndi thubaisikisi ku mtanda. Koma pitani kumsika ndi tepi, chifukwa thubaifo wina ndi wa dzina lokha.

Mpata wa pakati pa mathirasi usapitirire mamita 1.2 ngati mapalini ndi a thubaithiri. Powerengera, werengani mipata, osati mathirasi. Kugawa 9 ndi 1.2 kumapereka 7.5, ndiye apa pamabwera chiyeso chotsikira ku 7 kuti thirasi imodzi ipulumuke. Kwerani ku 8. Mipata 8 ikufuna mathirasi 7, popeza kumapeto konse kuwiri mapalini akhala pa khoma la gebulo, ndipo mpata uliwonse ukhala masentimita pafupifupi 112. Polemba zizindikiro pa matabwa ogona pamwamba pa makoma, aja amati wopuleti, muyambire mbali imodzi pa makoma onse awiri, apo ayi mathirasi akhala mopingasa ngakhale mipata ili yolondola. Mapalini atalikirane masentimita osapitirira 90 ngati malata ndi opyapyala.

Thirasi yoyamba imakhomeredwa pansi, pamalo osalala, n'kukhomerera zikhomo m'mbali mwake kuti zinazo zitengere pomwepo. Imodzi ikangotalika ndi sentimita ziwiri, mzere wa nsonga umapindika ndipo malata amasonyeza poyera.

Tsopano ku mtanda wapansi, komwe kuli nkhani yaikulu. Kulemera kwa denga kukatsikira pa mapaso, mapasowo amafuna kutambasula miyendo n'kukankhira makoma kunja. Chowaletsa ndi mtanda. Choncho mtandawo sukupanikizidwa ayi, ukukokedwa mbali zonse ziwiri ngati chingwe, ndipo mphamvu yonseyo imadutsa pomwe phaso lakumana ndi mtanda. Malo amenewa akhale ndendende pamwamba pa wopuleti. Akalowa m'kati mwa nyumba ndi masentimita 30, mtanda umayamba kupindika pomwe sunakonzedwere kutero.

Apa ndi pomwe bawuti imaposa msomali. Bawuti ya mamilimita 12, yokhala ndi mawashala aakulu mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi misomali inayi yoizungulira, imagwira bwino pa denga laling'ono ngati ili. Bowo likhale longokwanira bawutiyo, lokulirapo ndi milimita imodzi basi, ndipo litalikire kumapeto kwa thabwa ndi masentimita 9 kapena 10. Likayandikira kumapeto, bawuti imang'amba thabwalo motsata mitsempha yake n'kutuluka. Washala si chokongoletsera: paini ndi wofewa, ndipo popanda washala nati imangomira m'thabwa. Komanso paini wa pamsika nthawi zambiri amakhala asanaume bwino. Akamauma amachepa, mabawuti n'kukhwepa, ndiye musanatseke siling'i munthu akwere ndi sipanala awamangenso onse.

Kumene mabawuti akusowa, misomali ingathe kugwira ntchito, koma ikhale yokwanira ndiponso yotalikirana. Matabwa awiri a masentimita 5 ogundana amafuna msomali wa mainchesi 5 woti utulukire kuseri n'kupindidwa. Isandandalikidwe pa mzere umodzi wa mitsempha ya thabwa, chifukwa ikatero imaligawa pakati. Kuchulukitsa misomali pamalo aang'ono sikulimbitsa chilichonse. Thabwa long'ambika silithanso kugwira msomali. Bulugama wouma ndiye amafuna kuyamba wabooledwa.

Matabwa ambiri a pamsika safika mamita 6, choncho mtanda uyenera kulumikizidwa. Njira yoipa, yomwe ndaiona kawirikawiri, ndi yodula matabwa awiri mopendeka, kuwagundanitsa, n'kukhoma misomali itatu. Pakapita chaka amatsetsereka. Yabwino ndi yogundanitsa mitu ya matabwawo n'kuwamanga ndi zidutswa ziwiri, china uku china uko, zotalika ngati mita imodzi, ndi mabawuti awiri mbali iliyonse ya mpatawo. Pamenepo pasakhale mfundo ya mtengo. Polumikizira pakayamba kugonja mumaona nsonga ya denga ikulowa pansi pakati pa nyumba, siling'i ikufutuka, kapena mng'alu woyenda chogona pamwamba pa khoma.

Thirasi ndi yolimba ikamapanikizidwa kuchokera pamwamba, koma kuikankha cham'mbali imagwa mosavuta. Ena amati mapalini aigwira. Mapalini amangochititsa kuti mathirasi onse apendekere limodzi. Chofunika ndi thabwa lopingasa, lochoka pansonga pafupi ndi gebulo kutsikira ku wopuleti, lodutsa kunsi kwa mapaso a mathirasi atatu kapena kuposerapo, ndipo likhomedwe ndi misomali iwiri pa phaso lililonse lomwe ladutsapo. Matabwa oterewa akhale anayi: kumapeto konse kuwiri kwa nyumba, mbali zonse ziwiri za denga. Pamwamba pa mitanda payendenso thabwa lautali lolumikiza mathirasi onse. Zochirikiza zongoyembekezera, zomwe zimaikidwa poimika mathirasi, zisachotsedwe izi zisanakhomedwe, ngakhale kalipentala atafuna matabwawo kuti apangire makwerero.

Denga la malata ndi lopepuka, ndipo mphepo yodutsa pamwamba pake imalikokera m'mwamba, makamaka m'makona ndi kolekezera. Ndiye gawo lililonse limangiriridwe ku linzake lapansi. Palini pa phaso, msomali wokha umazuka, choncho pamafunika waya kapena lamba wachitsulo wozungulira zonse ziwiri. Thirasi nayo imangidwe ku khoma ndi lamba wachitsulo kapena waya wosachita dzimbiri wa mamilimita 4, wopindidwa pawiri, wokwiriridwa mu bimu ya konkire kapena wotsika m'khoma masentimita 60. Kutsikako n'kofuna kuti mphepo ikafuna kunyamula denga, iyenera kunyamulanso njerwa zonse zili pamwamba pa wayayo.

Vuto lake ndi lakuti wayayu amaikidwa ndi mmisiri womanga khoma, kalipentala asanabwere n'komwe. Akaikidwa mwachisawawa, amapezeka ali kutali ndi thirasi, ndipo kalipentala amangomukokera chopendeka kapena kumusiya akulendewera. Choncho kuwerengera kwa mipata kuja kuchitike khoma lisanafike pamwamba, malo 7 a mathirasi alembedwe pa makoma onse awiri, womanga aike mawaya 14 pamalo ake enieni.