Ziro si wa mwana amene sanalembe mayeso

Sabata yotsiriza ya teremu imakhala ya piringupiringu mu ofesi ya aphunzitsi. Mapepala angochongedwa kumene, makolo akudikira malipoti, ndipo malikisi a mwana aliyense ayenera kusonkhana pamodzi kuti aone amene watsogola. Pa sukulu zimene zinasiya kupatsirana pepala limodzi lalikulu n'kuyamba kugwiritsa ntchito tsamba la Google Sheets, aphunzitsi onse amalowetsa malikisi pa tsamba limodzimodzilo, wina pa foni, wina pa kompyuta. Cholakwa cha munthu mmodzi chimafika pa lipoti la kalasi yonse.

N'chifukwa chake mphunzitsi wina woyang'anira Fomu 3 analembera anzake kakalata asanawatsegulire tsambalo. Kanali kakafupi, koma kanakhudza penipeni pamene zinthu zimasokonekera.

Choyamba, iye anawapempha kuti mu kabokosi azilembamo nambala yokha. Ngati mwana wapeza 32 pa mayeso a malikisi 40, alembe 32 basi, osati 32/40, chifukwa kompyuta imatenga zimenezo ngati mawu ndipo imazilumpha powerengera. Choopsa kwambiri ndi 8/10. Tsambalo limaganiza kuti limeneli ndi deti, ndipo kuseri kwa deti lililonse la zaka zino kuli nambala yopitirira 45,000. Ikalowa m'masamu, avereji ya kalasi imakwera mpaka kufika pa nambala yosatheka. Ntchito yosandutsa 32 kukhala malikisi a pa 100 anaisiyira fomula imene anaika kale m'kabokosi koyandikana nako:

```
=C2/40*100
```

Yankho lake ndi 80. Anawauzanso njira yodziwira msanga ngati zalowa bwino: nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, pamene chimene kompyuta yachiyesa mawu chimatsamira kumanzere.

Koma pamene anatayapo nthawi kwambiri ndi pa mwana amene sanalembe mayeso, ndipo anachita bwino kutero. Aphunzitsi ambiri dzanja limathamangira kulemba ziro, poganiza kuti kabokosi kopanda kanthu kakuoneka ngati ntchito yosamaliza. Tiyerekeze ana asanu. Anayi apeza 60, 70, 50 ndi 80, ndipo wachisanu anali m'chipatala ndi malungo. Malikisi onse pamodzi ndi 260. Fomula ya AVERAGE siwerengera kabokosi kopanda kanthu, choncho imagawa 260 ndi 4 n'kupereka 65. Mukalemba ziro, imagawa ndi 5 n'kupereka 52. Ana amene anakhoza bwino akuoneka ngati afooka, ndipo mphunzitsi wa phunzirolo angafunsidwe mafunso pa chinthu chimene sichinachitike.

Wovulala kwambiri ndi mwana wodwalayo. Ziro amanena kuti iye anakhala pansi, analandira pepala, ndipo sanakhoze ngakhale funso limodzi. Kholo likaona zimenezo pa lipoti silingadziwe kuti ndi kalembedwe chabe. Pempho la m'kalatamo linali lakuti ziro alembedwe kwa yekhayo amene analembadi n'kupeza ziro, ndipo kwa amene kunalibe alembe ABS. Popeza amenewa ndi mawu, AVERAGE imawalumpha, komabe aliyense wowerenga amaona kuti mphunzitsi sanaiwale. Fomula yosandutsa ija imaonetsa #VALUE! pa mzere woterowo, ndipo mwini kalatayo anati mizere imeneyo adzaikonza yekha.

Chenjezo lomaliza linali la kusanja mayina. Mphunzitsi akafuna kuona amene watsogola m'phunziro lake, amatha kusankha mzere wotsika wa malikisi ake wokha n'kuusanja kuyambira wamkulu. Manambala amasuntha, koma mayina amatsala pomwepo, ndipo malikisi a mwana wina amagwera pa dzina la mnzake. Palibe chizindikiro chilichonse chimene chimaoneka pa tsambalo. Zimatulukira pokhapokha mwana wodziwika kuti ndi katswiri pa masamu akapezeka ndi 23. Wofuna kusanja anapemphedwa kukopera malikisi ake pa tsamba lina n'kukachitira kumeneko.

Nanga zikalakwika kale? Wozindikira nthawi yomweyo pa kompyuta adine Ctrl+Z. Ngati papita masiku, pansi pa File pali Version history, pamene pamaoneka amene anasintha tsambalo ndi nthawi yake, ndipo n'zotheka kulibwezera mmene linalili. Vuto ndi lakuti kubwezerako kumachotsanso malikisi onse amene ena analowetsa pambuyo pake. Choncho iye anapempha kuti wolakwitsa amuimbire foni m'malo moyesa kukonza yekha, ndiponso kuti aliyense akamaliza atenge mapepala asanu pa mulu wake, awayerekeze ndi zimene zili pa tsambalo, asananene kuti watha.