Pamene Moto Ukuyaka koma Themometa Yaima

Galafu ya katenthedwe imasonyeza mmene kutentha kwa chinthu kumasinthira chikamalandira moto wosasintha mphamvu. Mzere wogona wa m'munsi umawerenga nthawi, pomwe woimirira umawerenga madigiri a pa themometa. Ayezi akaikidwa pamoto mpaka kusanduka nthunzi, mzere wa galafuyo sukwera mowongoka: umakwera, n'kugona, n'kukweranso, n'kugonanso.

Chitsanzo ndi magalamu 100 a ayezi ozizira madigiri 20 pansi pa ziro, amene akulandira majulo 100 a mphamvu pa sekondi iliyonse. M'masekondi 42 okha ayeziwo amafika pa 0°C. Apa mzere umagona kwa mphindi zisanu ndi theka, ndipo m'chiwiyamo mumakhala ayezi ndi madzi pamodzi. Kachidutswa komaliza kakasungunuka, madzi amatenga mphindi 7 kuti afike pa 100°C. Kenako mzere umagonanso, ulendo uno kwa mphindi pafupifupi 38, mpaka madzi onse ataphwa.

Pamalo ogonawa ndi pamene ambiri amasokonezeka, poganiza kuti mphamvu yasiya kulowa. Imalowabe ndithu, kungoti yapeza ntchito ina. Themometa imayeza liwiro limene mamolekyu, tizigawo tosaoneka ndi maso ta madziwo, akugwedezeka kapena kuyenda nalo. Mu ayezi mamolekyu amagwirana mwadongosolo, lililonse pamalo pake. Pa 0°C mphamvu yonse yolowa imathera pomasula mgwirizanowo, osati kuwonjezera liwiro, choncho themometa siona kusintha kulikonse. Galamu imodzi ya ayezi imafuna majulo 334 kuti isungunuke.

Kuwira kumatenga nthawi yaitali chonchi chifukwa posungunuka mamolekyu amangomasuka pang'ono koma amakhalabe moyandikana, pomwe posanduka nthunzi ayenera kulekanitsidwa kotheratu. Ntchito imeneyi imadya majulo pafupifupi 2,260 pa galamu. Kusonkhezera nkhuni sikungakweze madzi owira kupitirira malire awo. Kumangowaphwetsa msanga, ndipo pa galafu mbali yogonayo imafupika koma sikwera.

Galafu yojambulidwa m'kalasi kawirikawiri situluka yooneka bwino chotere. Themometa ikagunda pansi pa chiwiya imayeza chiwiyacho, ndipo madigiri amakwera ayezi akadalimo. Zomwezo zimachitika madzi akapanda kutakasidwa, popeza a pansi amafunda pamene a pamwamba akadali ozizira. Mbali yachiwiri ikamapendekera m'mwamba pang'onopang'ono m'malo mogona, mwina m'madzimo muli mchere kapena shuga: madzi akamaphwa zosungunukazo zimatsala, ndipo madigiri owirira amanka nakwera. Koma mzere ukagona bwinobwino pansi pa 100°C, chida sichinalakwe. Kumalo okwera mpweya umapanikiza mochepa, moti ku Lilongwe, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, madzi amawira pakati pa 96°C ndi 97°C.